Akaunti ya malemu achimwene ikadali yotsegula, ndichite nayo chiyani?

Nabanda: Abale, ndithandizeniko nzeru. Achimwene anga anatisiya mu Malichi, tinakawaika kumudzi ku Ntcheu. Lachiwiri lapitali likanakhala tsiku lawo lobadwa, ndiye pa Facebook anthu amene sanamve za zovutazo anayamba kulemba mafuno abwino. Wina mpaka analemba kuti Mulungu awaonjezere zaka zambiri, atakula aone zidzukulu. Mwana wanga anawawerengera mayi osaganiza, ndipo mayi tsiku limenelo nsima sanaikhudze. Ndamva kuti pali njira yoti wachibale aziyang'anira akaunti ya malemu, akuti `legacy contact`. Foni ya achimwene ili ndi ine, alamu anandipatsa kuti ndisunge, ndipo Facebook yake ikadali yotsegula. Kodi ndingalowemo n'kudziika ndekha? Ndiyambire pati?

Mayi a Pemphero: Pepani Anabanda, Ambuye akutonthozeni inu ndi mayi. Ine ndinadutsamo m'zimenezi, ndilemba bwino ndikaweruka.

Yohane: Pepani achemwali. Zimenezo n'zosavuta. Munthu ameneyo ndi amene Facebook imamupatsa pasiwedi mwini wake akamwalira, kenako amalowa n'kumaona zonse, mameseji ndi china chilichonse. Koma chenjerani, musawauze kuti achimwene anamwalira musanadziike. Akangodziwa amafufuta akaunti yonse.

Nachisale: Pepani kwambiri Anabanda. A Yohane, pamene mwanena kuti asathamangire kukanena mwalondola, koma zifukwa zake si zimenezo. Facebook sipereka pasiwedi kwa wina aliyense, ngakhale kwa mkazi wa malemu. Ndipo ikauzidwa za imfa sifufuta akaunti, pokhapokha mwini wake anasankhiratu zimenezo ali moyo kapena achibale apafupi apempha.

Pali zinthu ziwiri pano zimene anthu timaziphatikiza. Choyamba ndi kusandutsa akaunti kukhala ya chikumbutso. Wachibale kapena mnzake wa malemu amalemba fomu, n'kuika umboni wa imfa. Akavomereza, pafupi ndi dzina la munthuyo pamabwera mawu akuti `Remembering`. Zithunzi ndi zonse zimene analemba zimakhalapobe, ndipo amaziona ndi anthu omwewo amene ankaziona kale. Zikumbutso za tsiku lobadwa zimasiya, ndipo dzina lake silibweranso pa mndandanda wa anthu amene Facebook imati mwina mumawadziwa. Vuto limene linawaliza mayi lija limathera pamenepa. Koma kuyambira tsiku limenelo palibe angalowenso mu akauntiyo, ngakhale amene akudziwa pasiwedi, ngakhale foni ili m'manja mwanuyo.

Chachiwiri ndi `legacy contact`, chimene chinayamba mu 2015. Ameneyu ndi munthu mmodzi amene mwini akaunti amasankha ali moyo, pakati pa anzake a pa Facebook pomwepo. Mwini wake akadali moyo, wosankhidwayo alibe mphamvu ina iliyonse. Mphamvu zake zimayamba akaunti ikakhala ya chikumbutso, ndipo amagwira ntchitoyo ali mu akaunti yake ya iye mwini. Ngati malemu sanasankhe munthu, akaunti ya chikumbutso imangokhala momwe iliri, palibe woisintha.

Yohane: Nanga ngati sakulowa, akuyang'anira chiyani? Ine ndimaona ngati ndi wolowa m'malo.

Nachisale: Yerekezani munthu amene wapatsidwa udindo wosesa pabwalo ndi kulandira alendo, koma kuchipinda kwa malemu kwakhomedwa ndipo kiyi alibe. Angathe kuika uthenga umodzi pamwamba pa tsamba, monga wonena za mwambo wa maliro. Angathe kusintha chithunzi cha nkhope ndi chachikulu cham'mwamba chija, kuvomera kapena kukana amene akupempha ubwenzi, kusankha amene angalembe mawu okumbukira malemu, ndi kuchotsa mawu oterowo ngati wina walemba zosayenera. Angathenso kupempha kuti akaunti yonse ichotsedwe. Chimene sangathe ndi kuwerenga mameseji, kulemba ngati malemuyo, kapena kuchotsa anthu amene anali kale anzake.

Bambo Mwale: Ndafika mochedwa koma nkhaniyi yandikhudza. Bambo anga aang'ono atamwalira anasiya ndalama mu akaunti ya pa foni, pini palibe ankaidziwa. Ndiye mukuti akanandiika ine pamenepo ndikanakatapa?

Nachisale: Ayi Bambo Mwale, imeneyo ndi akaunti ina. Ndalama za pa foni kapena za kubanki ndi chuma cha masiye, zimayendera makalata a imfa ndi a amene wapatsidwa mphamvu yogawa chumacho, kwa DC kapena kukhoti. Zimene tikukamba pano sizikhudza ndalama n'komwe.

Bambo Mwale: Ndamva mayi. Ndimvetsere kaye.

Nabanda: Anachisale zikomo. Ndiye funso langa lija likadali pomwepo. Foni ndi iyi, yotsegula. Ndikalowa n'kusankha dzina langa, kenako n'kukanena za imfa, sizitheka?

Nachisale: Ndikuyankhani mosabisa. Batani likhoza kudinika, chifukwa foni sidziwa kuti waigwira ndani. Koma malamulo a Facebook salola munthu kugwiritsa ntchito akaunti ya wina, ngakhale wamwalira, ndipo ine sindingakuuzeni kuti chitani. Chinanso, mukatero mudzakhala mwalemba kuti achimwene anasankha inu pomwe sanasankhe. Tsiku lina alamu anu akadzafunsa kuti zinatheka bwanji, mudzayankha chiyani? Choyamba afunseni alamuwo ndi anzawo apamtima a achimwene ngati wina analandirapo uthenga woti wasankhidwa. Posankha munthu, Facebook imapereka mwayi womutumizira uthenga nthawi yomweyo. Ena amadumpha pamenepo, ndiye wosankhidwayo amadzadziwa akaunti itakhala kale ya chikumbutso. N'kutheka ndithu kuti munthu alipo kale.

Yohane: Koma ine ndikuona kuti apa palibe kuba. Ndi mlongo wawo, mimba imodzi. Akufuna kungosamala dzina la m'bale wake.

Che Saidi: A Yohane, mlongo alipo, komanso mkazi alipo, ana alipo. Pa maliro timaona tokha momwe anthu amakanganirana mbale ndi mabulangete. Nanga tsamba limene likuonedwa ndi anthu mazana? Wina adzafuna chithunzi cha ukwati pamwamba, wina adzafuna cha malemu ali ndi mayi awo. Ine ana anga ndinawauza kale, ndikapita yanga ichotsedwe. Munthu akagona, agone.

Mayi a Pemphero: Ndafika tsopano. Ndifotokoze zanga mwina zithandiza.

Akulu anga anadwala nthawi yaitali, ndipo ankadziwa kumene zikupita. Tsiku lina tili pakhonde anandiitana kuti ndikhale pafupi, anatenga foni n'kundisankha ine ndikuona. Panali kabokosi kofunsa ngati akundilola kudzatenga zithunzi ndi zolemba zawo, anachonga. Uthenga unalowa mu foni yanga pomwepo, ine osatha kuuwerenga mpaka kumapeto. Anatha miyezi isanu kuchokera tsiku limenelo.

Atamwalira sindinathamangire. Sabata ya maliro anthu ankalemba pa tsamba lawo, ife tili pa siwa. Patapita mwezi ndi theka ndinafufuza pa `Help Center` mawu akuti `memorialization request`, fomu inabwera. Inafunsa dzina la malemu, tsiku limene anamwalira, umboni, ndi imelo yanga. Ndinajambula setifiketi ya imfa ya ku NRB ndi foni, n'kuphimba ndi kapepala manambala amene sankafunika. Patangopita masiku ochepa ndinatsegula tsamba lawo ndipo mawu aja anali atabwera. Ndinalira ngati amwalira tsiku lomwelo, ndisakunamizeni. Konzekani mtima pa chimenechi Anabanda, ndipo mayi muwauziretu.

Pa tsamba lawo, cha m'munsi mwa chithunzi chachikulu, ine ndinayamba kuona pamene palembedwa `Manage`, pamene ena saona. Ndinasintha chithunzi cha nkhope, chifukwa chomaliza chimene anaika anali ataonda kwambiri, ndipo anandiuza okha kuti asadzakumbukiridwe choncho. Ndinaika chimene anajambulitsa pa chinkhoswe cha mwana wawo, atavala chitenje chobiriwira, akuseka mpaka maso kutsinzina. Nthawi yomanga chiliza itakwana ndinaika uthenga pamwamba, tsiku ndi malo, ndipo anabwera anzawo a ku sekondale amene ife manambala awo tinalibe. Azakhali athu anatsegula Facebook akulu atapita kale, anapempha ubwenzi, ndinawavomera kuti aone zithunzi.

Kamodzi kokha ndi pamene ndinachotsa zolemba za munthu. Mayi wina analemba pansi pa mawu okumbukira kuti malemu anapita ndi ngongole yake. Kaya zinali zoona, malo ake sanali amenewo, ana ankawerenga. Ndinachotsa n'kumuimbira foni kuti abwere kunyumba tikambirane.

Zithunzi ndinazitenga zonse, zinabwera mu fayilo imodzi yaikulu imene inandidyera bandulo, ndinaziika pa fulashi ziwiri. Munali zithunzi, mavidiyo, zimene ankalemba pa tsamba ndi mayina a anzawo. Meseji munalibe ngakhale imodzi. Poyamba zinandiwawa, chifukwa ndinkafuna kumva mawu awo omaliza kwa anthu. Pano ndimati zili bwino choncho. Zimene ankakamba ndi anzawo kumbali sizinali zanga.

Nabanda: Mayi a Pemphero mwandiliza. Zikomo potiuza. Achimwene anga sanadwale, inali ngozi, ndiye sindikhulupirira kuti anaganizako zimenezi.

Tiyamike: Pepani Anabanda. Anachisale, ife amoyo tikafuna kuika munthu timapita pati? Ndafufuza pa foni yanga sindikupaona.

Nachisale: Anapabisa mkati ndithu, ndipo amasinthasintha malo ake. Pakali pano yambani ndi `Settings & privacy`, kenako `Settings`, n'kulowa mu `Accounts Center`. Mmenemo pitani pa `Personal details`, kenako `Account ownership and control`, ndipo mupeza `Memorialization`. Mukasankha akaunti yanu pali njira ziwiri. Ina ndi yoti idzakhale ya chikumbutso, ndipo ndi pamene mumalemba dzina la mnzanu amene mukumusankha. Inayo ndi `Delete after death`, imene Che Saidi akufuna. Che Saidi, kuuza ana pakamwa n'kwabwino, koma dinaninso pamenepo. Mukatero anawo adzangofunika kukanena za imfa basi. Mukapanda kutero adzafunika kupempha ngati achibale, ndi kuonetsa kuti alidi ndi mphamvu yopempha, monga setifiketi ya imfa kapena makalata oonetsa ubale ndi umboni wina wa imfa.

Wosankha ayenera kukhala wa zaka 18 kupita m'tsogolo. Ndipo musanasankhe dziwani zinthu ziwiri. Munthuyo adzatha kuona ngakhale zimene munaika pa `Only me`. Komanso, monga ndanena, adzatha kupempha kuti akaunti ichotsedwe, ndipo ikachotsedwa sibwereranso. Choncho ngati mukudziwa kuti amuna anu kapena akazi anu sagwirizana ndi abale anu, ganizani bwino musanalembe dzina, ndipo muuzeni munthuyo pamaso chimene mukufuna.

Che Saidi: Ndapapeza mayi, ndadina. Koma ndifunse. Ngati kungonena kuti munthu wafa kumatseka akaunti, ndiye wodana nane sanganditsekere ndili moyo?

Nachisale: N'chifukwa chake amafuna umboni, ndipo kuyambira mu 2019 anati opempha azikhala achibale ndi anzake a munthuyo. Zikachitika molakwika pali fomu yoti mwini akaunti aonetse chiphaso chake kuti ali moyo, akauntiyo n'kubwezedwa.

Yohane: Ine ndinawerengapo kuti ku Germany khoti linalamula Facebook kupereka mameseji kwa makolo a mwana amene anamwalira. Ndiye kuti mukalimba amapereka.

Nachisale: Zinachitikadi, mu 2018. Anali makolo a mtsikana wa zaka 15 amene anagundidwa ndi sitima ku Berlin mu 2012, ndipo khoti lalikulu la kumeneko linati akaunti ndi cholowa ngati makalata kapena buku lolembamo za mumtima. Koma taonani zaka zimene zinadutsa, ndipo chinali chigamulo cha malamulo a dziko limenelo. Sichisintha zimene `legacy contact` angathe kuchita.

Tiyamike: Ine maganizo anga ndi oti Anabanda angoisiya akauntiyo momwe iliri. Asanene, asalowemo. Chaka chamawa tsiku lobadwa lisanafike angolemba pa tsambalo kuti munthuyu anatisiya. Bwanji kudzipweteka ndi mafomu?

Che Saidi: Mwana wanga, kuisiya n'kumene kunatigwetsa ife. Msuweni wanga atamwalira foni inasowa pa maliro pomwepo. Patapita miyezi anthu anayamba kulandira mameseji kuchokera ku akaunti yake, akuti ndi mwana wa malemu, akupempha thandizo la fizi. Ena anatumiza ndithu. Tinadzamva mwana weniweniyo atafunsidwa ku mzikiti ngati ndalama zinafika.

Nachisale: Ndi zimenezo Che Saidi, ndipo sizifuna kuti foni ibedwe. Simukhadi ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani ya foni imatha kugulitsa nambalayo kwa munthu wina. Ngati akaunti inamangidwa pa nambala imeneyo, nambala yachinsinsi yosinthira pasiwedi imapita kwa mwini watsopanoyo. Akaunti ya chikumbutso imatseka khomo limeneli chifukwa palibenso wolowa. Ndiye Anabanda, ngakhale achimwene sanasankhe munthu, ine ndikuona kuti kukanena n'kwabwino kusiyana ndi kusiya. Koma musananene ndifunseko ziwiri. Dzina la pa Facebook ndi lomwelo la pa chiphaso cha unzika? Ndipo kodi anali ndi tsamba la bizinesi?

Nabanda: Dzina loyamba ndi lenileni, koma lachiwiri anaika la mfunda, osati la pa chiphaso. Tsamba analinalo, la shopu yawo yowotcherera mageti ndi mafulemu a mawindo. Alamu akupitiriza ndi anyamata awiri aja, ndipo makasitomala ambiri amabwera kudzera pa tsambalo. Amayankha ndi mnyamata mmodzi, amabwera kudzabwereka foni yomweyi.

Nachisale: Ndiye musatumize fomu sabata ino. Za dzina si zovuta kwambiri, koma zimachedwetsa ngati zolembedwa pa umboni sizikufanana ndi za pa akaunti. Onani ngati pulogalamu ya maliro inalembedwa mayina onse, la mfunda lomwe, ndi chithunzi chawo, kuti woona athe kulumikiza.

Tsambalo ndi limene likundidetsa nkhawa. Tsamba la bizinesi limayendetsedwa kudzera mu akaunti za anthu. Ngati woliyendetsa anali achimwene okha, akaunti yawo ikatsekedwa tsambalo limakhala lopanda mwini, ndipo Facebook imanena kuti tsamba lotere likhoza kuchotsedwa. Kukhala `legacy contact` sikupereka mphamvu pa tsamba la bizinesi. Afunseni alamu ngati pa Facebook yawo amaliona tsambalo ngati lawo, moti n'kutha kulembapo m'dzina la shopu. Ngati amatha, mwapulumuka. Ngati satha, ayambe lero kutsegula tsamba latsopano pa akaunti yawo, asunge zithunzi za mageti zimene zili poyera, ndipo makasitomala auzidwe nambala yatsopano.

Yohane: Apa ndiye Anachisale mukundisokoneza. Mnyamata akulowa kale tsiku ndi tsiku kuyankha makasitomala, ana akudya kudzera pamenepo. Kungoonjezera mlamu pa tsamba la shopu imene ili yake kale, kulakwa kuli pati?

Nachisale: Pamenepo sindikutsutsani ndi mtima wonse a Yohane. Lamulo ndi lomwe lija, koma ndikumva kusiyana kwake ndi kudziika pa udindo umene malemu sanapereke. Dziwani chabe kuti kupatsa munthu mphamvu zonse pa tsamba kumafunsa pasiwedi, ndipo ngati palibe akuidziwa, kuyesayesa zongopeka kungachititse kuti akaunti itsekeke musanapulumutse kanthu. Chosankha ndi cha alamuwo.

Mayi a Pemphero: Anabanda, chinanso, zithunzi zambiri za akulu anga sizinali pa Facebook, zinali mu foni ndi pa WhatsApp. Musaiwale kumeneko.

Nachisale: Mwakumbutsa bwino mayi. WhatsApp ilibe njira yosankhira munthu, ndipo akaunti ikakhala masiku pafupifupi 120 osalumikizidwa pa intaneti imachotsedwa. Zithunzi zimene zili mu foni zisamutseni banja likadali ndi foniyo. Kwa ife amoyo, Google ili ndi yake, `Inactive Account Manager`, koma imayenda mosiyana. Sidikira kuti wina anene za imfa, imangowerenga nthawi imene mwakhala osagwiritsa ntchito akaunti. Mumasankha nokha miyezi 3, 6, 12 kapena 18. Nthawiyo isanakwane imakuchenjezani pa meseji ndi pa imelo, ndipo mukapanda kuyankha imadziwitsa anthu amene munawalemba, mpaka 10, aliyense n'kutenga zokhazo zimene munamulola. Amene mumasintha manambala kawirikawiri, onetsetsani kuti nambala ya wosankhidwayo ikugwira, chifukwa amamutsimikizira pa nambala imeneyo.

Bambo Mwale: Ine ndaika mwana wanga woyamba pa Facebook pompano. Akazi anga akuti bwanji osaika iwo. Tikambirana madzulo.

Nabanda: Ndawaimbira alamu. Uthenga woti asankhidwa sanalandirepo, ndipo tsamba la shopu saliona ngati lawo. Pasiwedi akuti mwina ili m'kabuku kamene achimwene ankalembamo miyezo ya mawindo, akafufuza. Za kudziika ndekha ndasiya, mawu a Anachisale andilowa. Koma alamu akuti sanakonzeke kuona mawu aja pafupi ndi dzina la amuna awo, akuti usiku amatsegulabe tsambalo n'kumaliyang'ana momwe analisiyira. Ine ndikufuna litsekedwe chifukwa cha mayi. Loweruka ndipita ndi malume tikakhale pansi, foni ndikawabwezera.

Mayi a Pemphero: Musawakakamize, tsiku lobadwa lina lili kutali. Chachikulu simukhadiyo isafe, muziikamo mayunitsi ndi kuimbako nthawi ndi nthawi mpaka mutagwirizana. Mukapita Loweruka tengani fulashi, ndipo pulogalamu ya maliro ija muisunge m'pulasitiki.